Tsanzikani mukadali pampando, ndipo "ndikubwera" uja timusiye

Mkangano unayambika pa wailesi sabata yatha uja sunazirale mpaka lero, dzulo lomweli ndaupezanso pa Kamuzu Road ku Salima kuno anyamata a kabaza akutsutsana ngati ndi nkhani ya mpira. Kwa amene simunamve, nkhani yake inali yoti mayi wina wa ku Khombedza anaimba foni kudandaula za mwana wa achimwene awo yemwe amagwira ntchito ku Lilongwe. Akuti mnyamatayo anabwera kudzawaona, wakhala ola limodzi akucheza bwinobwino, kenako wayang'ana pa foni, wangodzambatuka chikwama chili kale paphewa n'kunena kuti "anti basi ndapita". Pamenepo nkhuku inali itaphedwa kale, ana akuyisosola kuseri kwa khitchini. Oimba foni anagawikana pawiri, ena akuti ana a masiku ano alibe mwambo, ena akuti mnyamatayo sanalakwe chifukwa anatsanzika ndithu, nanga mumafuna agone komweko mawa akachotsedwe ntchito?

Ine mbali yanga ndi iyi, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti tisavutane: mnyamatayo analakwa, koma osati chifukwa chochoka msanga ayi. Analakwa chifukwa thupi lake linatsanzika pakamwa pasanatsanzike. Chomwe chimapweteka munthu wotsala si kuchepa kwa nthawi yomwe mwakhala, koma kudzidzimutsidwa, kuona kuti iwe unali utamaliza kale kucheza mumtima mwako iye akadali pakati pa nkhani. Nde kutsanzika kwabwino kumayamba munthu akadali pampando kapena pamphasa, chikwama chili pansi, ndipo kumamupatsa wotsalayo mpata woti akukanize kamodzi kenako akumasule yekha. Zimenezi zikhoza kutenga mphindi 30 kumudzi kapena theka la mphindi pamsewu, kutalika kwake si nkhani, nkhani ndi yoti chiyambe n'chiti chitsatire n'chiti.

Tiyambe ndi mawu enieniwo, chifukwa Chichewa chathuchi chinakonza kale zonse, ife tikungosokoneza. Taonani kuti nthawi zambiri sitinena kuti "ndikupita" potsanzika. Mawu amenewo amamveka ngati a munthu wokwiya, mkazi akulongedza katundu, kapena mwana amene wakanizidwa kanthu. Timati "ndizipita", "ndiyambepo", "ndibwerere kaye", "ndikusiyeni pang'ono", ndipo mawu onsewa mukawamvetsera bwino ndi opempha, akudikira yankho. "Ndapita" ndi mawu omaliza, chitseko chotsekera, amabwera pamene wotsala wavomera kale. Vuto la mnyamata wa ku Lilongwe uja n'loti anayambira kumapeto, anatenga mawu otsekera n'kuwaika poyamba. Chinanso chomwe ambiri amaphonya n'chakuti mawu otsanzikirana ali ndi eni ake: wopita ndi amene amati "tsalani bwino", wotsala amati "pitani bwino" kapena "muyende bwino", wotsala amati "mukapereke moni kunyumba", wopita amati "akamva". Mwininyumba akayamba ndi iye kunena kuti "pitani bwino" mlendo asanatchule zonyamuka ndiye kuti wamuthamangitsa basi, ngakhale anene akumwetulira chotani. Chimodzimodzinso mlendo akangoti "tsalani bwino" mwadzidzidzi wamulanda mwininyumba mbali yake ya mwambowo.

Tsono tiyeni titenge nkhani ya ku Khombedza yomweyo tione mmene ikanayendera. Tinene kuti wafika cha m'ma 1 koloko masana ndipo akufuna pofika 4 koloko akhale ali pamsewu wa M5 kudikira minibasi yoti imufikitse ku boma kusanade kuti akapeze ya ku Lilongwe. Kutsanzika kwake koyamba kumayenera kuchitika pofika pomwepo, atangomaliza kulonjerana, pamene azakhali afunsa kuti "kaya mwatiyendera bwanji". Apo ndi pomwe amayenera kunena kuti "ndangoti ndidzakuoneni azakhali, koma sindigona, mawa m'mawa ndikufunika ku ntchito nde ndibwerera madzulo ano". Chiganizo chimodzi chimenechi chimapulumutsa zambiri, chifukwa mayi wa pakhomo akangomva amawerengera yekha mumtima: nkhuku ya chikuda kuigwira, kuipha, kuisosola, kuiphika mpaka ifewe ndi maola awiri kapena kuposa, ndiye asankha yekha kuyamba pompo kapena kungokazinga usipa n'kuphika nsima ya changu. Mlendo wanzeru amayang'ananso zomwe zikuchitika pabwalo. Mukaona ana atumidwa mwa manong'onong'o, kapena mwamva nkhuku ikulira kuseri, kapena utsi wayamba kutuluka kukhitchini nthawi yomwe si yophika, dziwani kuti zimenezo ndi zanu, ndipo ngati simudikira muyankhule pompo mpeni usanadutse pakhosi. Ufa ukangolowa mumphika mwachedwa, khalani mudye, minibasi ina ibwera.

Kenako pakatsala mphindi ngati 40 kuti anyamuke, akadali chikhalire, amayenera kuponya mawu oyamba: "dzuwa lapendeka azakhali, ndiyambepo pang'onopang'ono". Azakhali ayankha kuti "iii mwayamba kale? khalani kaye, mwangofika kumene". Apa ndi pomwe achinyamata ambiri amasokonekera, amaona ngati akukanizidwa zenizeni nde amayamba kulimbana, kufotokoza za abwana, za mafomu, za mitingi ya 8 koloko. Sikukanizatu kumeneko, ndi mbali yawo ya nyimboyo, akungonena kuti kubwera kwanu takondwa nako. Chofunika ndi kuseka, kukhalabe mphindi 10 kapena 15, ndipo nthawi zambiri nkhani yomwe amaisunga imatuluka nthawi imeneyi. Kachiwiri mumatchula chifukwa chimodzi chokha chooneka ndi maso, "magalimoto amavuta kukada", mumathokoza chinthu chenicheni chomwe mwalandira, nsima, thobwa, ngakhale madzi akumwa, kenako mumafunsa za omwe sali pamenepo, "atsibweni ali kuti ndiwatsanzike?" Mukamva akuti "chabwino, mwatiyendera, mwachita bwino" kapena akutuma mwana kuti "tatenga kathumba ka mtedza kaja", ndiye kuti mwamasulidwa. Pamenepo ndi pomwe dzanja lipite ku chikwama. Osati kale.

Otsutsa oyamba, omwe anali ambiri pakati pa anyamata a kabaza aja, akuti zonsezi n'zotaya nthawi. Akuti moyo wasintha, munthu amene akudya za tsiku ndi tsiku sangakhale mphindi 40 akutsanzika, kasitomala sadikira, ndipo mayi wogula usipa ku Senga Bay m'mawa akachedwa pang'ono apeza anzake atenga kale nsomba zabwino. Ndikuvomereza, ndipo sindikufuna kunamizira kuti aliyense ali ndi nthawi ya agogo a pakhonde. Koma taonani kuti mfundo yawoyi ikulimbana ndi kutalika kwa kutsanzika, pomwe ine ndikunena za dongosolo lake. Dongosolo lomwelo limakwana mu mpweya umodzi. Ndinaona ndi maso anga wakabaza wina, munthu wachikulire ndithu, akucheza ndi bambo wina pansi pa mtengo pafupi ndi depoti, kasitomala wamukodola chapatali. Sanangopalasa n'kumapita. Anatsitsa phazi limodzi pansi, n'kunena kuti "pepani bambo, andiitana uko, ndikusiyeni kaye ndikasake ya ndiwo", bamboyo n'kuyankha kuti "thamangani thamangani angakulandeni", iye "zikomo, tsalani bwino", wapita. Ndinayerekeza, sizinakwane ndi masekondi 15 omwe. Kupepesa, chifukwa, kudikira yankho, kutseka. Zonse zinalipo. Ndiye tisanamizire umphawi kapena kutanganidwa, amene amangotembenuka n'kumapita sakupulumutsa nthawi ina iliyonse yooneka.

Pamsewu pali luso lina lomwe anthu otanganidwa amayenera kulidziwa, loti kutsanzika kophweka kumadalira mmene wapatsira moni. Moni wathu ali ndi potsekera pake: "mwaswera bwanji", "ndaswera bwino kaya inu", "ndaswera bwino", kenako onse awiri "zikomo". Zikomo ameneyo ndi chitseko, mukafika pamenepo muli ndi ufulu wopitiriza ulendo ndipo palibe angakunene. Koma ukangowonjezera kuti "nanga kunyumba kuli bwanji, odwala aja ali bwanji?" watsegula wekha chitseko china, ndipo sungafunse za wodwala kenako n'kumayang'ana minibasi munthu akukufotokozera kuti usiku sanagone. Chipongwe chachikulu n'chimenecho, kufunsa funso lomwe ulibe nthawi yomva yankho lake. Ngati muli pa changu chepetsani liwiro, imani pang'ono, perekani moni wathunthu mpaka pa zikomo, onjezerani "ndikuthamangira kuchipatalaku, tionana bwino", basi. Kuipa kwake n'kupereka moni miyendo ikuyendabe, khosi lokha litapotokera kumbuyo, makamaka kwa munthu wamkulu.

Mbali inayo kuli akuluakulu ena omwe anaimba foni n'kumati mwana satsanzika munthu wamkulu, amadikira mpaka wamkuluyo amuuze kuti ukhoza kupita. Mfundo yawo ndikuimva komwe ikuchokera, kwa apongozi kapena kwa amfumu suchoka nkhani yomwe wabwerera isanatsekedwe ndi eni ake, zimenezo n'zoona ndipo zisasinthe. Koma akaitenga mfundoyi n'kuifikitsa pa kucheza kulikonse akulakwitsa, chifukwa mwambo womwewo umamuletsa mwininyumba kuuza mlendo kuti nyamukani. Ndiye ngati mlendo saloledwa kuyamba, mwininyumba naye saloledwa kuyamba, ayambe ndani? Mapeto ake ndi aja timawaona, anthu awiri akhala pakhonde nkhani zinatha kalekale, akungoti "eee, kutentha chaka chino", "eee, kwatenthadi", mayi akufuna akatunge madzi kumjigo mzere usanatalike, mlendo akuganiza za ulendo, onse akuzunzika chifukwa cha ulemu. Akale ankati mlendo ndi mame, ndipo mame sadikira kuuzidwa kuti dzuwa latuluka. Kuyamba kutsanzika ndi ntchito ya mlendo, ya mwininyumba ndi kukaniza pang'ono kenako kumasula. Ndiponso eni nyumba enafe tivomereze kulakwa kwathu, kukaniza n'kamodzi kapena kawiri, ukafika kachinayi ukubisa nsapato za mlendo ndiye kuti ukumuphunzitsa kuti ulendo wina adzachite kuthawa, kapena asadzabwerenso n'komwe.

Tsopano ndifike pa gulu lachitatu lomwe ndi limene ndikulimbana nalo kwambiri, la anthu a "ndikubwera". Iwowa akuti njira yabwino yochokera pagulu osakhumudwitsa munthu ndi kusatsanzika n'komwe, ungoti "ndikubwera" kapena "ndifike kaye apa", aliyense amadziwa kuti subwera ndipo palibe amadandaula. Akuti ndi mawu ofewa, sadula nkhani, samuchititsa wotsala kumva ngati watayidwa. Pa bawo kapena pa gulu la anyamata oonera mpira mwina n'zoona, pamenepo anthu amalowa n'kutuluka ngati pamsika. Koma mawu akuti "aliyense amadziwa" ndi abodza, ndipo ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Zaka zingapo zapitazo ndinapita ku Nkhotakota pa zantchito, ndinadzera kwa agogo ena omwe anali anzawo a malemu mayi anga. Titacheza pang'ono ndinaona kuti nthawi yandithera koma ndinachita ulesi ndi mwambo wonse wotsanzika uja, nde ndinangoti "agogo ndikubwera, ndifike kaye pa boma apa". Ndinakwera galimoto n'kubwerera ku Salima mtima uli mbee. Patatha masiku atatu mdzukulu wawo anandiimbira, sanakalipe ayi, anangoti "achimwene, agogo akufunsa ngati munayenda bwino, tsiku lija anakusungirani kondowole ndi chambo mpaka usiku, anakana kuti tidye". Mpaka lero ndikakumbukira mbale yovundikira ija ndimafuna kulowa pansi. Anandituma kukakufunafunani kuti mwina mwasochera, anatero mdzukuluyo, tinafika mpaka ku depoti.

Nde onani chomwe "ndikubwera" amachita. Wopitayo zimamuphwekera, koma katundu yense amamusiyira wotsala: adikire kapena asadikire, asunge mpando, asunge chakudya, ade nkhawa. Komanso amamulanda zinthu zomwe amayenera kuchita pomaliza, sapereka moni woti ukafikitse kwanu, sakupatsa kamphatso komwe anakonza, sakuuza mawu omwe amasungira kumapeto. Ulemu wanji womwe phindu lake lonse likupita kwa iwe wekha? Ngati vuto ndi loti "ndapita" akumveka owuma, mawu ofewa koma oona alipo ambirimbiri. "Ndikusiyeni kaye, tionana Mulungu akalola." "Ndakuonani, mtima wakhala pansi, ndibwerere." "Ndisakuchedwetseni ndi ntchito." Omaliza awa ndimawakonda koma ali ndi msampha wake, amagwira ntchito pokhapokha munthuyo alidi ndi chochita m'manja, mwamupeza akupeta mpunga kapena akusoka ukonde. Kuuza agogo omwe angokhala pamkeka tsiku lonse kuti ndisakuchedwetseni, amadziwa kuti wotopa ndi iweyo.

Chomwe onse oimba foni aja sanatchule, ndipo ndinadabwa, ndi kuperekeza. Kwathu kuno kutsanzika sikuthera pakhomo, mwininyumba kapena mwana wake amakunyamulira chikwama n'kukutulutsa mpaka panjira, ndipo amene amawerengera nthawi yake osaikapo gawo limeneli ndi amene amapezeka akuthamanga. Poperekeza sayenda mothamanga, ndipo nthawi zambiri nkhani yeniyeni ya ulendo wonse imanenedwa pamenepa, kutali ndi makutu a ana ndi apongozi: za fizi yomwe yavuta, za banja lomwe likugwedezeka, za matenda omwe sanafune kutchula pagulu. Azakhali a ku Khombedza aja ine ndikukayikira kuti chinawawawa kwambiri si nkhuku, nkhuku anadya okha madzulo ake, koma mwina anali ndi mawu omwe amasungira panjira yopita kumsewu. Apa napo pali ntchito ya mlendo yomwe ambiri saidziwa: woperekeza sabwerera yekha, umachita kumubweza. Mukayenda kamtunda, pa mphambano kapena pomwe nyumba zathera, umaima n'kunena kuti "bwererani pompano, mwandiperekeza, zikomo kwambiri", n'kulandira chikwama ndi manja awiri. Ukapanda kutero mayi wachikulire adzayenda nawe pa dzuwa la Okutobala la ku Salima kuno mpaka pa siteji, n'kuima nawe mpaka minibasi idzabwere, ndipo wopanda ulemu pamenepo ndi iweyo ngakhale sunanene mawu oipa ngakhale amodzi.

Pagulu sindichedwapo, lamulo lake n'lachidule: suyenera kugwira dzanja aliyense ngati mmene unachitira pofika, koma yamba wapita kwa wamkulu kapena mwini malo, utsike pang'ono, umuuze chapansipansi, kenako kwa onse "tsalani bwino nonse" manja ukuomba pang'ono. Ndipo dikira nkhani ifike popumira, osatsanzika wina ali pakati pofotokoza mmene mwera unawavutitsira panyanja. Anzathu achisilamu pa ichi ali ndi mwayi, kumzikiti kukangoitana aliyense amamvetsa ndipo wotsala ndi amene amayamba kunena kuti musachedwe.

Pa foni ndiye pomwe pavuta kwambiri masiku ano, ndipo otsutsa ena amati kumeneko mwambo sugwira chifukwa mayunitsi ndi ndalama. Zoona ndi ndalama, koma amene waimba ndi amene ali ngati mlendo, ndiye ndi ntchito yake kuyamba kutseka, ndipo achenjeze poyamba pomwe monga mlendo wosagona uja: "amayi ndili ndi mayunitsi ochepa, ikaduka musadabwe". Mukatero ngakhale idukedi pakati pa mawu palibe amakhumudwa. Choipa ndi chija timachita ambirife, munthu akulankhula iwe n'kumati "halo? halo? netiweki ikuvuta" uli pa boma pomwe netiweki ili yodzadza, kenako n'kudula. Ameneyo ndi "ndikubwera" yemwe uja wangovala malaya ena, ndipo makolo athu si opusa, amaimbanso pompo n'kumva foni ikuitana bwinobwino. Mayi anga aang'ono a ku Chipoka ukatero sakalipa, amadikira uyankhe kenako amati "ndimati nditsanzike, paja tinadukizana", n'kunena "tsalani bwino" wawo, n'kudula okha.